Por ndi para: timawu tiwiri tovuta ophunzira Chisipanishi

Munthu ali pamsika wa mabuku akale mumzinda wa Madrid, wanyamula buku, ndipo akuuza wogulitsa kuti:

*Te doy diez euros por el libro.*

Tanthauzo lake ndi lakuti, ndikupatsa mayuro 10 kuti undipatse bukuli. Awa ndi malonda: ndalama ipite uku, buku libwere kuno. Tsiku lomwelo, mayi wina akupatsa mwana wake ndalama kunyumba, ndipo akuti:

*Te doy diez euros para el libro.*

Apa mayiyo sakugula buku kwa mwana wake. Akumupatsa mayuro 10 oti akagulire buku kusitolo. Mawu ena onse ndi ofanana m'ziganizo ziwirizi, kupatula kamodzi kokha, ndipo kusintha kamodziko kwasandutsa kugulana kukhala kupatsa. Aperekezi awiriwa, *por* ndi *para*, ndi amene amapunthwitsa ophunzira Chisipanishi ngakhale amene afika poti akhoza kucheza bwinobwino.

Mabuku ambiri ophunzitsira amapatsa wophunzira mndandanda wautali wa malamulo oti aloweze pamtima. Ine njira imeneyi sindigwirizana nayo, chifukwa munthu ali pakati polankhula alibe nthawi yoyendera mndandanda m'mutu. Pali mfundo imodzi imene imagwira ntchito m'ziganizo zambiri. *Para* amayang'ana kutsogolo, kumene chinthu chikupita: malo okafikako, munthu wolandira, cholinga, tsiku lomalizira. *Por* amayang'ana kumbuyo, ku chimene chachititsa, kapena pakati, pamene chinthu chikudutsa kapena kusinthanitsidwa. Mbiri ya mawuwa ikugwirizana ndi zimenezi. *Por* anachokera ku mawu awiri a Chilatini, *pro* ndi *per*. *Para* m'Chisipanishi chakale ankalembedwa *pora*, kutanthauza *por* wophatikizidwa ndi *a*, ndipo *a* ameneyu ndi "ku" wathu uja wa "kupita ku". Choncho mkati mwa *para* muli kale kachala kolozera kutsogolo.

Mfundoyi imaoneka msanga pa ulendo. Sitima yothamanga kwambiri ya pakati pa Madrid ndi Sevilla, imene inayamba kuyenda mu 1992, imadzera mumzinda wa Córdoba.

*El tren va para Sevilla.* Sitima ikupita ku Sevilla.
*El tren va por Córdoba.* Sitima ikudzera ku Córdoba.

Mukhoza kuwaika onse m'chiganizo chimodzi, *el tren va para Sevilla por Córdoba*, ndipo palibe amene angasokonezeke kuti ulendo ukuthera kuti. N'chimodzimodzi ndi *camino para el parque*, ndikuyenda kulowera kupaki, ndi *camino por el parque*, ndikuyendayenda m'paki momwemo. Kuchokera pa ganizo lodzera limeneli, *por* amagwiranso ntchito pa njira imene uthenga wadzera: *por teléfono* ndi pa foni, *por correo* ndi kudzera pa positi.

Pa malo mpophweka. Pamene pali ntchito yeniyeni ndi posiyanitsa chifukwa ndi cholinga, ndipo apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi. Amene amaphunzira kudzera m'Chingelezi amavutika chifukwa chinenero chimenecho nthawi zambiri chimagwiritsa ntchito liwu limodzi pamene Chisipanishi chili ndi awiri. Ife timasiyanitsa kale "chifukwa cha" ndi "kuti", ndipo ndi bwino kuchoka pa Chichewa kulunjika ku Chisipanishi osadzera kwina.

*Lo detuvieron por robar.* Anamumanga chifukwa choba.
*Entró para robar.* Analowa kuti abe.

M'chiganizo choyamba kuba kunachitika kale, kumanga kunabwera pambuyo pake. M'chachiwiri kuba kunali kutsogolo pamene ankalowa, ndipo mwina sanabe n'komwe. Mneni ndi yemweyo, *robar*, koma *por* wamuika kumbuyo kwa chochitikacho ndipo *para* wamuika kutsogolo. Mafunso nawonso amatsata zomwezo. Mukafunsa mnzanu kuti *¿por qué estudias español?* mukufuna kudziwa chimene chinamuchititsa, ndipo akhoza kuyankha kuti *por mi esposa*, chifukwa cha mkazi wanga. Mukafunsa kuti *¿para qué estudias español?* mukufuna kudziwa chimene akachite nacho, ndipo yankho likhoza kukhala *para trabajar en Chile*, kuti ndikagwire ntchito ku Chile.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti ngakhale mneni amasintha monga momwe amasinthira m'Chichewa. Timati "ndikukuyimbira chifukwa ukubwera", koma "ndikukuyimbira kuti ubwere". Pambuyo pa "kuti" mneni wathera ndi *-e*, popeza kubwerako sikunachitike, kukungofunidwa. Chisipanishi chimachita zomwezo:

*Te llamo porque vienes.*
*Te llamo para que vengas.*

*Vienes* ndi "ukubwera", *vengas* ndi "ubwere". Pambuyo pa *para que* mneni amatenga maonekedwe achiwiriwa nthawi zonse. Wophunzira amene wamva kufanana kumeneku wapeza chinthu chimene anzake a zinenero zina amalimbana nacho kwa nthawi yaitali.

Komabe Chichewa chathu chili ndi msampha wake, ndipo uli m'kachidutswa *-ir-* kapena *-er-* kamene timaika mumneni. Timati "ndakuphikira", "ndakugwirira ntchito", "anafera dziko lake", "ukulirira chiyani?" Kachidutswako ndi kamodzi, koma katanthauza zinthu zosiyana, ndipo Chisipanishi chimafuna kuti musankhe. Tiyeni tione nkhani imodzi bwinobwino. Mtsikana dzina lake Ana ali ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwake, ndipo mchimwene wake waphika keke.

*Hice el pastel para Ana.*
*Hice el pastel por Ana.*

Zonse ziwiri m'Chichewa tikhoza kungoti "ndamuphikira Ana keke". Koma ndi *para*, kekeyo ndi ya Ana, akalandira ndi iyeyo. Ndi *por*, Ana si wolandira. Mwina Ana ndiye ankayenera kuphika keke ya alendo koma wadwala, ndiye mchimwene wake waphika m'malo mwake. Mwinanso mchimweneyo sakonda kuphika, wangochita poganizira Ana, kuti asakhumudwe. Njira yodziwira ndi kudzifunsa funso limodzi musanalankhule: kodi chinthuchi chikathera m'manja mwa munthu ameneyu? Ngati ndi choncho, ndi *para*. Ngati munthuyo ndi amene wandichititsa, kapena ndaima pamalo pake, ndi *por*.

Pa nkhani ya ntchito kulakwitsa kumeneku kumasocheretsa womvera. *Trabajo para mi tío* ndiye kuti amalume anga ndiwo abwana anga, ndimagwira ntchito kwa iwo. *Trabajo por mi tío* ndiye kuti ndikuwagwirira ntchito yawo iwo kulibe, kapena ndikugwira ntchito chifukwa cha iwo. Zindikirani kuti *por* payekha sanena kuti mwa ziwirizi ndi chiti, womvera amazindikira poona nkhani yonse. Nanga "anafera dziko lake"? Ndi *murió por su país*, chifukwa dzikolo ndilo linamuchititsa kupereka moyo. "Ukulirira chiyani?" ndi *¿por qué lloras?*

Palinso "ndi" wathu wa m'ziganizo monga "kalata inalembedwa ndi Maria". Ameneyu ndi *por* nthawi zonse, popeza wolembayo ali kumene kalata yachokera. *La carta fue escrita por María*, analemba ndi Maria. *La carta fue escrita para María*, analembera Maria.

Pa nthawi, *para* amasonyeza malire amene ali kutsogolo, pamene *por* amasonyeza chigawo cha nthawi chimene chinthu chikuchitikiramo. Mukasiya nsapato kwa wosoka n'kunena kuti *los necesito para la tarde*, mukutanthauza kuti pofika masana zikhale zitatha. Mukanena kuti *vengo por la tarde*, mukuti mubwera cha kumasana, osatchula ola. Pa kutalika kwa nthawi, monga "ndinakhala ku Lima zaka ziwiri", ophunzira amathamangira *por dos años*. Zimamveka, ndipo m'mayiko ena a ku Amereka zimanenedwa, koma ku Sipeni anthu amakonda *durante dos años* kapena kungoti *viví dos años en Lima* popanda mperekezi aliyense, monga momwe ifenso timachitira.

Pali gulu lina la ziganizo limene limadabwitsa poyamba:

*Por ser niño, come poco.* Chifukwa choti ndi mwana, amadya pang'ono.
*Para ser niño, come mucho.* Poganizira kuti ndi mwana, amadya kwambiri.

Choyamba ndi chifukwa wamba. Chachiwiri chikuyerekeza mwanayo ndi zimene timayembekezera kwa mwana, n'kupeza kuti wapitirira. Apa mfundo ya kuyang'ana kutsogolo siithandiza kwenikweni, ndipo ndi bwino kungoloweza chiganizo chimodzi ngati chitsanzo. N'chimodzimodzi ndi *para mí*, "kwa ine" kapena "m'kuona kwanga", amene ndi wosiyana ndi *por mí*. *Para mí, está bien* ndiye kuti ine ndikuona kuti zili bwino. *Por mí, está bien* ndiye kuti kumbali yanga palibe choletsa, chitani.

Malo ena amene mfundoyi imaoneka ngati yalephera ndi pa "kukatenga". *Voy por pan* ndi "ndikukagula buledi". Bulediyo ali kutsogolo, ndiye munthu angayembekezere *para*, koma Chisipanishi chimamuona ngati chimene chakudzutsa pampando. Ku Sipeni amawonjezera *a*, amati *voy a por pan*, pamene ku Mexico ndi mayiko ena a ku Amereka amangoti *voy por pan*. Kuthokoza nakonso kumatenga *por* nthawi zonse: *gracias por la comida*, zikomo chifukwa cha chakudya. *Gracias para* ndi kulakwitsa kumene mwinichinenero amakumva nthawi yomweyo. Ndipo aneni ena safuna mperekezi aliyense mwa awiriwa: *busco trabajo*, ndikufunafuna ntchito, *espero el autobús*, ndikudikira basi. Apanso Chichewa chikugwirizana ndi Chisipanishi.

Abale athu a ku Tete ndi ku Angonia, amene amaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, ali ndi poyambira pabwino, popeza Chipwitikizi chilinso ndi *por* ndi *para* ogawana ntchito pafupifupi mofananamo. Choti asamale nacho ndi maonekedwe. Chipwitikizi chimaphatikiza *por* ndi kamawu kotsogolera dzina n'kupanga *pelo* ndi *pela*, monga *pela manhã*, m'mawa. Chisipanishi sichiphatikiza, chimati *por la mañana* ndi *por el camino*. Ndipo *pelo* m'Chisipanishi ndi tsitsi, choncho wa ku Angonia akanena *pelo camino* ku Madrid, omvera amva "tsitsi" ndi "njira" zitangogundana.