Windows ndi Ubuntu pa laputopu imodzi: mbuna ili pa malire a disiki

Chichokereni pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, eni malaputopu akale akhala akudzifunsa chochita. Makina ambiri a kaunjika amene tili nawo kuno sakwanitsa zomwe Windows 11 imafuna. Ena ayamba kusuzumira ku Linux, makamaka mtundu wake wotchuka wa Ubuntu, womwe ndi waulere. Komanso pali ophunzira zamakompyuta amene amauzidwa m'kalasi kuti aizolowere Linux, pomwe mapulogalamu awo ena amayenda pa Windows pokha. Onsewa amafika pa ganizo limodzi: bwanji zonse ziwiri zikhale pa makina amodzi, munthu azisankha poyatsa?

N'zotheka ndithu, ndipo okonza makompyuta amachita zimenezi kawirikawiri. Masisitimu awiriwo sayendera limodzi. Mukayatsa pamabwera kamndandanda, mumasankha imodzi, inayo imagona mpaka mutazimitsa n'kuyatsanso. Akakhazikika bwino sakangana kwenikweni. Ngozi yaikulu ili m'mphindi zochepa zomwe munthu akugawa disiki, ndipo zambiri zimene zimaonongeka pamenepo zimachokera pa kusadziwa kuti patishoni n'chiyani.

Tengani disiki ngati malo amodzi aakulu amene agawidwa m'mapoloti. Palibe mpanda weniweni pakati pa mapolotiwo. Chimene chilipo ndi kaundula wamng'ono kumayambiriro kwa disiki, wonena kuti chigawo ichi chayambira apa n'kulekezera apo. Chigawo chilichonse ndiye patishoni. Kaundulayo akasokonezeka, zithunzi ndi makalata anu zimakhala zikadali pomwepo, koma kompyuta siidziwanso pokazipeza. Kaundula wamtundu wakale, wotchedwa MBR, anayamba mu 1983 ndipo amalola mapatishoni akuluakulu anayi okha. Wamakono ndi GPT: pa Windows amalola mpaka 128, ndipo amasunga kope lake lina kumapeto kwa disiki.

Tiyeni tione laputopu ya disiki ya 500 GB, yomwe Windows imaiwerenga ngati 465 GB. Mwini wake amadziwa C: ndi D: basi. Wokonza makompyuta anamuuza kuti C: ndi ya Windows, D: ndi yosungirako katundu, ndipo C: ikafomatidwa za pa D: zimapulumuka. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `diskmgmt.msc`, ndipo muona kuti zigawo n'zoposa ziwiri. Kumanzere kwenikweni kuli kachigawo ka 100 MB kapena kupitirira pang'ono, kolembedwa EFI System Partition. Kenako C:, tinene 200 GB, ndi D: ya 264 GB, komanso kachigawo ka Recovery Partition kosakwana 1 GB. Kachigawo ka EFI kaja kalibe chilembo ndipo sikaoneka pakati pa mafoda anu, koma m'menemo ndi momwe mumakhala mafayilo odzutsa Windows. Ubuntu nayo idzaika ake momwemo, pambali pa a Windows.

Apa ndi pamene pali mbuna yoyamba. C: ndi D: si madisiki awiri, ndi zigawo za disiki imodzi. Pulogalamu yoikira Ubuntu ikafika pofunsa koika, limodzi mwa mayankho ake ndi "Erase disk and install Ubuntu". Woyamba kumene amaganiza kuti ifufuta C: yokha monga anazolowera, n'kudina mtima uli m'malo poti zonse anazisamutsira ku D:. Koma mawuwo akunena disiki yonse. Kaundula amalembedwa watsopano, ndipo C:, D: ndi Recovery zimapitira limodzi. Choncho kukopera zinthu ku D: si kusunga ayi. Zithunzi za ukwati, ntchito ya kusukulu ndi mabuku a bizinesi ziyenera kupita pa disiki ina yakunja, ndipo mutsegule mafayilo angapo kumeneko kuti mutsimikize, kenako muizule isanayambe ntchito.

Chowonjezera chisokonezo n'chakuti Linux sidziwa za C: ndi D:. Kwa iyo disiki ndi `/dev/sda`, kapena `/dev/nvme0n1` pa makina atsopano, ndipo zigawo zimangopatsidwa manambala. D: yanu itha kukhala `/dev/sda4` kapena `/dev/sda5`. Chokuthandizani kuzizindikira ndi kukula kwake ndi mtundu wake: za Windows ndi NTFS, ka EFI ndi FAT32, ya Ubuntu idzakhala ext4. Jambulani ndi foni chithunzi cha zigawo zija mukadali mu Windows, manambala ake akuoneka bwino.

Malo a Ubuntu ndi bwino awatulutse Windows mwini wake. Pa zenera lomwe lija, dinani D: ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe Shrink Volume. Ubuntu 24.04 imafuna 25 GB, koma ndi malo ochepa otere mudzayamba kubanika musanapite patali, ndiye tinene 60 GB. Bokosilo limawerenga mu MB, choncho mulemba 61440. D: imatsala ndi 204 GB, ndipo pambali pake pamabwera chigawo cha mzere wakuda cholembedwa Unallocated. Chisiyeni chomwecho, musachifomate. Nthawi zina Windows imakana kutulutsa malo ochuluka ngakhale mpata ukuoneka kuti ulipo, chifukwa cha mafayilo ena osasunthika. Landirani zomwe yapereka m'malo mokakamiza ndi pulogalamu ina. Ndipo poti pochepetsa patishoni mafayilo amasunthidwa, magetsi akathima ntchito ili mkati zinthu zitha kuonongeka. Laputopu ya batire lakufa, ija imazima chingwe chikangogwedera, si yogwirirapo ntchito imeneyi tsiku lomwe magetsi akuvuta m'dera lanu.

Mbuna yachiwiri ndi loko. Malaputopu ambiri a masiku ano amakhoma disiki ndi BitLocker, nthawi zina mwini wake osadziwa n'komwe. Kiyi wake amasungidwa m'kachipangizo kotchedwa TPM, komwe kamamutulutsa pokhapokha kakaona kuti kompyuta yadzuka m'njira yomwe kanazolowera. Mukasintha njirayo, mwina pozimitsa Secure Boot kapena podzutsa Windows kudzera pa mndandanda wa Ubuntu, mutha kukumana ndi sikirini yabuluu yofunsa nambala ya madijiti 48. Nambalayo kawirikawiri imakhala mu akaunti ya Microsoft imene inalowa koyamba pa makinawo. Pa laputopu yogula kwa munthu, akauntiyo itha kukhala ya mwini wake wakale kapena ya mnyamata wa pashopu amene anaiwala kalekale pasiwedi yake. Popanda nambalayo, mwina ngakhale katswiri sangathe kutsegula disikiyo. Ndiye musanakhudze chilichonse, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, mulembe:

```
manage-bde -status
manage-bde -protectors -get C:
```

Mzere woyamba ukuuzani ngati loko alipo, wachiwiri ukuonetsani nambala ija. Ilembeni papepala. Ngati D: nayo ndi yokhoma, ili ndi nambala yakeyake. Chophweka koposa ndi kuchotseratu BitLocker n'kudikira kuti amalize, ngakhale zitatenga maola.

Zatsala ziwiri zing'onozing'ono mu Windows. Lembani `msinfo32` muone mzere wa BIOS Mode. Ukati UEFI, fulashi ya Ubuntu nayo iyenera kudzutsidwa mwa UEFI, apo ayi masisitimu awiriwo sadzaonana pa mndandanda umodzi. Kenako zimitsani Fast Startup, chizolowezi cha Windows chongosinza m'malo mozimiratu, chomwe chimachititsa Ubuntu kukana kulemba pa D:. Lamulo la `powercfg /h off` limathetsa zimenezo.

Kuika kwenikweniko n'kwachidule. Fayilo ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, bando ya ndithu, ndipo imaikidwa pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa ndi pulogalamu monga Rufus, yomwe imafufuta zonse za pa fulashiyo. Poyatsa dinani F12 pa Dell kapena Lenovo, F9 pa HP, musankhe fulashi. Yambani ndi "Try Ubuntu", muone ngati intaneti, mawu ndi kiyibodi zikugwira, poti apa disiki siinakhudzidwe. Pofika pa funso lija, sankhani "Install Ubuntu alongside Windows Boot Manager". Mawu amenewa akasowa, imani pomwepo. Ndiye kuti pulogalamuyo siikuiona Windows, ndipo kupitiriza n'kuyenda mumdima. Tsamba lomaliza limasonyeza zigawo zimene zisinthidwe. Liwerengeni modekha mukuyerekeza ndi chithunzi cha pa foni chija, muonetsetse kuti palibe chigawo cha NTFS kapena ka EFI kamene kakuti kafomatidwe.

Zikayenda bwino, poyatsa mudzaona mndandanda wa GRUB, zilembo zoyera pa sikirini yakuda, Ubuntu pamwamba ndi Windows Boot Manager m'munsi. Chodabwitsa choyamba chidzakhala wotchi. Ubuntu imasunga nthawi ya makina mwa UTC, pomwe Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo poti Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, Windows idzati 8 koloko pamene ili 10. Mu Ubuntu, lamulo la `timedatectl set-local-rtc 1` limagwirizanitsa awiriwo.

Tsiku lina imodzi idzasowa pa mndandanda. Zimachitika Windows ikadzikonza n'kudziika patsogolo, ndipo mu Ogasiti 2024 zosintha za Microsoft zinalepheretsa Linux kudzuka pa makina ambiri a masisitimu awiri, sikirini n'kumangoti "Verifying shim SBAT data failed". Mwa maganizo anga, chimene chimataya katundu wa anthu pa nthawi ngati imeneyi ndi mantha. Munthu amathamangira kwa wokonza, wokonza n'kuti, "Bwana, apa n'kungofomata basi." Chonsecho nthawi zambiri chasokonekera ndi kachigawo ka EFI kokha kapena ndondomeko ya chodzuka choyamba. Dzutsani makina ndi fulashi ya Ubuntu ija, mulembe `lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE`. Mukaona zigawo za ntfs za 200 GB ndi 204 GB zikadalipo, mwayi ndi waukulu kuti mafayilo anu ali bwinobwino, ndipo mutha kuwakopera kunja pomwepo wina asanakhudze kanthu. Mafayilo odzutsa Windows amabwezeretsedwa ndi lamulo la `bcdboot` kuchokera pa fulashi ya Windows, popanda kufufuta chilichonse.

Ngakhale kuichotsa Ubuntu kuli ndi kayendedwe kake. Wotopa nayo amangofufuta chigawo cha 60 GB chija, poyatsa n'kupeza sikirini yakuda ndi mawu akuti `grub>`, chifukwa GRUB ikadali patsogolo koma mafayilo ake ena anapita ndi chigawocho. Yambani mwalowa m'masetingi a UEFI, muike Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda, muyatse kawiri kutsimikiza kuti Windows ikudzuka yokha. Mukatero ndi pomwe mungafufute chigawocho, n'kubwezera malowo ku D: ndi Extend Volume.