Funso 5 si nyimbo ya m'buku

Pali uthenga wina umene umachoka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi pafupifupi madzulo alionse a teremu. Wophunzira wa Fomu 3 wabwereka foni ya amayi ake, wakwera pachulu pamene netiweki imagwira, walembera amalume ake amene amaphunzitsa ku Kasungu kapena achemwali ake amene ali ku koleji ku Lilongwe: "Amalume, mundithandizeko funso 5 la masamu, akufuna mawa." Watumiza, watsika pachulu mtima uli m'malo. Iye akuona kuti wafunsa funso. Amalumewo akuyang'ana foni, ndipo chimene alandira ndi nambala yokha.

Ambiri timakhulupirira kuti nambala ndi dzina lokwanira la funso, ndipo sitinazitole pamsewu. Lamulungu ku tchalitchi cha CCAP, kaya ku Mvera kaya ku Kongwe, wotsogolera akangotchula nambala ya nyimbo mpingo wonse umatsegula Nyimbo za Mulungu pamalo amodzi, wina sayamba wafunsa kuti mawu ake akuti chiyani. Kupulayimale nakonso zinkayenda chomwecho. Mabuku a boma ochokera ku MIE ku Domasi ndi amodzi dziko lonse, choncho mwana wa Sitandade 6 wa ku Malomo ndi mnzake wa ku Madisi akatchula tsamba, amakhala akunena tsamba limodzi. Munthu amene wakula chotere n'zomveka kuganiza kuti "funso 5" lili ndi malo ake odziwika.

Kusekondale zinthu zimasintha mwakachetechete. Silabasi ndi imodzi, koma mabuku ovomerezeka ndi angapo, olembedwa ndi anthu osiyana. Sukulu ina ili ndi Strides in Mathematics, ina ili ndi Excel and Succeed, ina ikudalira mapamfuleti amene aphunzitsi anapangitsa fotokope ku Mponela. Buku lililonse lili ndi mitu yambiri, mutu uliwonse uli ndi ntchito zingapo, ndipo ntchito iliyonse imayamba kuwerenga mafunso ake kuchokera pa 1. Ndiye kuti m'buku limodzi lokha muli mafunso 5 ochuluka zedi. Onjezerani kuti m'ma CDSS ambiri ntchito yokachitira kunyumba imalembedwa pabolodi, manambala ake aphunzitsi angowaika tsiku lomwelo, ndipo pofika mawa lake bolodi lafufutidwa. Funso 5 limenelo likupezeka m'makope a kalasi imodzi basi, kwina kulikonse kulibe.

"Koma ineyo ndinatchula kuti ndi la MANEB," atero wina. Apa wayesetsa ndithu, chifukwa pepala la MANEB limakhaladi limodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Vuto ndi lakuti masamu a MSCE ali ndi mapepala awiri, lililonse ndi funso 5 lake, ndipo chaka chilichonse chili ndi mapepala ake. Palinso mayeso a moko, amene ophunzira ambiri amawasunga m'thumba limodzi ndi a MANEB mpaka kusokonezeka, makamaka tsamba lapamwamba likathothoka. Ngakhale mutatchula zonse molondola, chaka, pepala ndi nambala, amalume anu alibe mulu wa mapepala akale pafupi ndi mbale ya nsima. Mwawapatsa ntchito yokafunafuna funso asanayambe n'komwe kuliyankha, ndipo anthu otanganidwa amati "ndiona mawa."

Chikhulupiriro chachiwiri n'chofala kwambiri mwa ophunzira akhama, amene amakopera mawu onse a funso koma n'kusiya chojambula. Amati chojambula n'chokometsera chabe, kapena kuti munthu wodziwa masamu angathe kuchiona m'mutu mwake. Chifukwa chake n'chomveka. M'mabuku ambiri amene tinakula nawo, zithunzi zinkangoperekeza nkhani, ndipo ukawerenga mawu wamva zonse. Komanso kujambula seko pa foni yamabatani sikutheka, pamene kutumiza chithunzi kumafuna bandulo.

M'masamu chojambula chimanyamula mbali ina ya funso imene mawu sananene. Tiyeni tione funso la mtundu umene Fomu 3 imakumana nawo. Mawu ake akuti O ndi pakati pa seko, A, B ndi C ali m'mphepete mwa sekoyo, ngodya AOC ndi madigiri 110, pezani ngodya ABC. Amalume akawerenga zimenezi akumbukira lamulo lija lakuti ngodya ya pakati pa seko imakhala kawiri ngodya ya m'mphepete, agawa 110 ndi 2, ayankha 55. Yankho limeneli n'lolondola ngati B ali kumbali yaikulu ya seko, kutsidya kwa O, moyang'anana ndi A ndi C. Koma ngati pa chojambula B ali pa kachigawo kakang'ono, pakati pa A ndi C, ngodya ya pakati imene ikugwira ntchito ndi yakunja ija, 360 kuchotsa 110, imene ndi 250. Theka la 250 ndi 125. Mawu ndi omwewo, zilembo ndi zomwezo, nambala ndi yomweyo, koma yankho ndi 55 kapena 125 malingana ndi pamene kadontho ka B kaikidwa. Amalume sanalakwitse masamu. Ayankha bwinobwino funso limene simunapatsidwe, ndipo mawa cholembera chofiira chigwera pa kope lanu, osati pa lawo.

Mungathe kudzigwirira nokha vuto lotere musanapereke kope. Tengani ngodya ya pepala la m'kope, imene ndi madigiri 90, muiyerekeze ndi ngodya ABC pa chojambula chanu. Ngati ngodyayo ikuoneka yotambasuka kuposa ngodya ya pepala koma yankho limene mwalandira ndi 55, dziwani kuti wothandizayo wajambula seko ina m'mutu mwake. Zojambula za pa mayeso nthawi zambiri sizikhala za muyeso weniweni, choncho musayeze kuti mupeze yankho, koma kusiyanitsa ngodya yopapatiza ndi yotambasuka zimathandiza.

Tizizindikiro tating'ono nato n'timene timasowa kwambiri pokopera. Kabokosi ka pa ngodya kakunena kuti pamenepo pali madigiri 90. Timizere tiwiri todula mbali ziwiri za thirayango tikunena kuti mbalizo n'zofanana. Timivi pa mizere iwiri tikunena kuti mizereyo siidzakumana. Wolemba funso sabwerezanso zimenezi m'mawu chifukwa wazinena kale ndi cholembera, ndipo wokopera mofulumira, belu litalira, amaziona ngati dothi la pabolodi.

Ena amati, "Ndiye ndingojambula tsamba ndi foni, nkhani yatha." Nthawi zambiri yathadi, ndipo amene ali ndi foni ya kamera achite zimenezo. Kungoti chithunzi chojambulidwa usiku ndi tochi, buku litapindika pakati, chikadutsa pa WhatsApp imene imachepetsa zithunzi kuti zisadye bandulo, 3 amasanduka 8 ndipo ka 2 kapamwamba pa x kamasowa. Jambulani kusanade, panja pamthunzi, tsamba mutalitambasula ndi dzanja, foni ili pamwamba penipeni osati chammbali. Funso limodzi pa chithunzi chimodzi. Mukatumiza, tsegulani chimene chapitacho, muchikulitse, muone ngati inuyo mungawerenge nambala iliyonse. Musadulenso mzere wa pamwamba pa ntchito yonse, umene umalamulira mafunso onse apansi. Mzere umenewo ndi umene umanena, mwachitsanzo, kuti π mutenge 22/7 kapena 3.142. Pa seko imene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi masentimita 7, pofuna kukula kwa malo a m'kati mwake, wotenga 22/7 apeza 154, wotenga 3.142 apeza 153.958, ndipo aphunzitsi akufuna chimodzi mwa ziwirizi.

Chikhulupiriro chomaliza n'chakuti wopanda kamera kapena bandulo alibe chochita. Ine ndimaona kuti ameneyu ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa kufotokoza chojambula m'mawu kumamukakamiza kuchiyang'anitsitsa, ndipo nthawi zina yankho limatulukira ali mkati molemba. Meseji imodzi imalola zilembo 160, choncho funso lathu la seko likwana mu mameseji awiri kapena atatu. Mawu a funso akopereni m'Chingerezi momwe alili, osawamasulira kapena kuwafupikitsa, popeza liwu limodzi ndi limene limanena ngati akufuna kuti muphwanye, mufupikitse kapena mupeze x. Chojambulacho chifotokozeni m'Chichewa ngati mukulondolera munthu njira: "Amalume, seko ili ndi O pakati. A ali pansi kumanzere, C ali pansi kumanja. 110 yalembedwa pansi pa O, pakati pa OA ndi OC. B ali pansi penipeni, pa kachigawo kakang'ono pakati pa A ndi C. Palibe zizindikiro zina. Ine ndagawa 110 ndi 2 ndapeza 55, koma ngodya ya pa B ikuoneka yaikulu." Ndi mawu amenewa amalume atenga pensulo n'kujambula seko yanu yeniyeniyo, ndipo chiganizo chomalizacho chikuwauza pamene mwakodwa, kuti asayambe kukuphunzitsani zimene mukudziwa kale.

Polemba masamu pa foni, samalani ndi mzere wogawa. M'kope, x + 6 amakhala pamwamba pa mzere, 2 pansi, ndipo diso limaona lokha kuti zonse zapamwamba zikugawidwa. Pa foni zonse zimagona pa mzere umodzi, ndipo njira ziwiri izi ndi mafunso awiri osiyana:

```
x+6/2=5
(x+6)/2=5
```

Pa woyamba 6 yekha ndi amene akugawidwa ndi 2, ndiye x ndi 2. Pa wachiwiri x ndi 4. Mabulaketi sadya mayunitsi ambiri, aikeni paliponse pamene mukukayika. Ka 2 kapamwamba kalembeni `x^2`, chifukwa `x2` ena amaiwerenga ngati x kuchulukitsa ndi 2.

Nambala ya funso musaitaye, ili ndi ntchito yake. Ikani pamwamba pa uthenga pamodzi ndi fomu yanu ndi mutu umene mukuphunzira, kuti wothandiza adziwe njira imene aphunzitsi anu akuyembekezera, asakuyankheni ndi masamu a ku yunivesite. Ngati funsolo lili ndi magawo (a) ndi (b) ndipo lakuvutani ndi (b), tumizani onse awiri pamodzi ndi yankho limene mwapeza pa (a), popeza kawirikawiri (b) amaimirira pa (a). Ndipo ngati munakopera pabolodi muli kumbuyo kwa kalasi, fananizani kope lanu ndi la mnzanu wa pa desiki yakutsogolo musanaweruke, makamaka manambala ndi malo a zilembo pa chojambula.