Batani lilipo pa rimoti, koma apu ikukana: vuto lili pati?

Mwana wanu wa ku Joni wakutumizirani tivi yamakono, ya sikirini yaikulu, yolumikizika ku intaneti. Pa rimoti pali mabatani olembedwa Netflix, YouTube ndi Disney+. Awiri oyambawo akugwira bwinobwino, koma mukadina lachitatu pakubwera uthenga woti apuyi sipezeka m'dera lanu. Apa ambiri amathamangira kwa wokonza mawailesi, poganiza kuti tivi inagundidwa m'basi. Tiviyo ilibe vuto. Disney+ inafika ku South Africa mu 2022, koma ku Malawi kuno sinatsegulidwe, ndipo batani la pa rimoti silingasinthe zimenezo.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mmene apu imalowera mu tivi. Tivi yamakono iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, ndipo makampani sanagwirizane pa imodzi. Samsung imagwiritsa ntchito Tizen, LG ili ndi webOS, ma Hisense ambiri ali ndi VIDAA, pomwe Sony ndi ma TCL ambiri amayendera Android TV kapena Google TV. Iliyonse ili ndi sitolo yake ya maapu. Pa Samsung mumadina batani la Home, n'kupita pa Apps, n'kulemba dzina la apu, kenako Install. Pa LG sitoloyo imatchedwa LG Content Store, kapena Apps pa zatsopano. Pa Android TV ndi Google Play Store, pomwe pa Google TV mumapita pa Apps. Nthawi zambiri tivi imayamba yafunsa akaunti ya Samsung, ya LG kapena ya Google, choncho imelo ndi pasiwedi zikhale pafupi.

Kusiyana kwa masitolowa ndiye chifukwa choyamba chimene apu imasowera. Wopanga apu amayenera kuilembera pulogalamu iliyonse payokha, ndipo zimenezo zimadya ndalama. Makampani aakulu ngati Netflix amakwanitsa kufika paliponse, koma ang'onoang'ono amangopanga ya Android basi. N'chifukwa chake apu imene ili pa tivi ya aneba ikhoza kusowa pa yanu, ngakhale yanuyo ili yodula kuposa yawo. Pali anyamata ena amene amalonjeza kuti akuikirani apu iliyonse kuchokera pa fulashi. Mafayilo amene amayenda nawo ndi a APK, ndipo amenewo amagwira pa Android pokha. Pa Samsung, pa LG kapena pa Hisense ya VIDAA salowa, ndipo amene akukuuzani kuti alowa angokudyerani ndalama.

Chifukwa chachiwiri ndi dziko, ndipo apa pali zipata ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Chipata choyamba ndi dziko limene linasankhidwa mu tivi pa tsiku loyamba kuiyatsa. Sitolo imaonetsa maapu a dziko limenelo. Pa LG mukhoza kulisintha pa LG Services Country, pansi pa Location mu Settings. Chipata chachiwiri ndi cha apu yeniyeniyo: ikatseguka imayang'ana adiresi ya intaneti imene mukugwiritsa ntchito, n'kudziwa kuti muli m'dziko liti. Tivi ya ku Joni ija inadutsa chipata choyamba, chifukwa imadziwerengabe kuti ili ku South Africa, koma inakanidwa pa chachiwiri. N'chimodzimodzi ndi tivi yochokera ku Britain yokhala ndi BBC iPlayer: apuyo ilimo ndithu, koma mapulogalamu ake amaonetsedwa kwa anthu amene ali ku Britain okha. Ufulu woonetsa mafilimu ndi mpira umagulitsidwa dziko ndi dziko, ndipo kampani imene sinagule ufulu wa kuno siingationetse. Kusintha dziko mu tivi kungabweretse chizindikiro cha apu pa sikirini, koma filimu siisewera. Mwinanso mungataye maapu ena amene amagwira ntchito.

Chachitatu ndi ukalamba wa tivi. Sikirini imakhala zaka zambiri ikuwala bwino, koma kakompyuta ka m'kati kamatsalira msanga. Mu 2017 YouTube inasiya kugwira pa ma tivi ambiri a m'ma 2012 ndi akale kuposa pamenepo, ndipo mu Disembala 2019 Netflix inatseka pa ma Samsung ena a 2010 ndi 2011. Chizindikiro chake n'choti apu inkagwira kale, kenako inayamba kuchenjeza kuti idzasiya, n'kuzimiririka m'sitolo. Musanataye mtima, yang'anani pa Software Update. Tivi ikanena kuti ili kale ndi pulogalamu yatsopano koma apu ikusowabe, ndiye kuti wopangayo anaisiya.

Palinso gulu lina limene ladzaza m'mashopu: ma tivi otchipa a maina osadziwika, olembedwa Android pa katoni. Ambiri mwa amenewa ali ndi Android ya foni yongosinthidwa pang'ono, yopanda chilolezo cha Google kapena cha Netflix. Mumawazindikira chifukwa sitolo yake imakhala yachilendo, maapu amaoneka ngati a foni, ndipo ena safuna kuyenda ndi rimoti mpaka mutalumikiza mausi. Netflix ikagwira pamenepo, zithunzi zimakhala zosawala kwenikweni, ngakhale intaneti ithamange bwanji.

Nthawi zina apu ilipo m'sitolo koma ikukana kulowa. Apa yambani mwaona tsiku ndi nthawi. Magetsi akazima, ma tivi ena amaiwala deti n'kubwerera ku chaka chakale, ndipo maapu amakana kulumikizana ndi makina a kampani yawo ngati deti ndi lolakwika. Ikani nthawi kuti izidzikonza yokha kudzera pa intaneti. Ngati nthawi ili bwino, vuto lingakhale malo. Ma Android TV ambiri ali ndi magigabayiti 8 okha, ndipo gawo lalikulu limatengedwa kale ndi pulogalamu yoyendetsa tivi. Ana akaikamo magemu angapo, malo amatha.

Apa ndi pamene kuchotsa maapu kumafunika, ndipo pali msampha. Kuchotsa chizindikiro pa sikirini yoyamba si kufufuta apu. Pa Samsung, Remove imangobisa chizindikirocho, apu n'kutsala m'kati ikudyabe malo. Kuti ichoke muyenera kulowa pa Apps, kenako Settings, n'kusankha Delete. Pa Android TV ndi Google TV njira ndi Settings, Apps, kusankha apuyo, kenako Uninstall. Pomwepo pali Clear cache, imene imataya zinyalala popanda kukutulutsani mu akaunti, ndi Clear data, imene imafufuta zonse moti mudzalembanso pasiwedi. Maapu amene anabwera ndi tivi nthawi zambiri sachoka. Mawu a Delete amaoneka otuwa, osadinika. Dziwaninso kuti kufufuta apu sikuimitsa malipiro a pamwezi. Amenewo mumaimitsa mu akaunti yanu, apo ayi khadi la ku banki lizidulidwabe.

Ngati vuto ndi pulogalamu ya tivi kapena ukalamba wake, musagule tivi ina. Kabokosi kapena kandodo ka Google TV kovomerezeka, kolowetsa pa HDMI, kamabweretsa sitolo yatsopano pa sikirini yomweyo pa mtengo wotsika kwambiri. Koma ngati vuto ndi dziko, kabokosi sikathandiza, chifukwa intaneti yanu ikhalabe ya kuno. Ndipo mukamagula tivi mu shopu, musakhutire ndi zithunzi za pa katoni. Pemphani wogulitsa aiyatse, muilumikize ku intaneti ya foni yanu, mutsegule apu imene mukuifunayo, ndipo muone vidiyo ikusewera musanalipire.