Usiku wa Lachisanu pa Seva: Dzina Limodzi Linagwetsa Sitolo ya pa Intaneti

Pakati pa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta pali langizo lomwe amapatsana kawirikawiri, lakuti ntchito yatsopano isamakwezedwe pa seva Lachisanu madzulo. Seva ndi kompyuta yomwe imasunga webusaiti ndi kuitumiza kwa aliyense woitsegula, ndipo kukweza ntchito, kapena kudiploya monga amanenera eni ntchitoyi, ndi kuchotsa pulogalamu yakale pa sevayo n'kuikapo yatsopano. Tsikulo palokha lilibe tsoka. Vuto n'lakuti cholakwika chikabisala, chimatulukira anthu odziwa kukonza ataweruka kale. Nkhani yachitsanzo yotsatirayi ikuonetsa momwe zimayendera.

Mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito anapatsidwa kantchito kooneka kakang'ono pa webusaiti yogulitsa katundu, yolembedwa ndi chida chotchedwa Laravel. Maoda onse a makasitomala ankasungidwa mu databezi, yomwe ili ngati kaundula wokhala ndi mizati, mzati uliwonse ndi dzina lake pamwamba. Mzati wa manambala a foni unkatchedwa `phone`, ndipo iye anauzidwa kuti ausinthe ukhale `phone_number`. Analemba kafayilo kosinthira databezi, komwe amakatcha maigireshoni, kenaka anakonza dzinalo m'malo onse omwe anawakumbukira. Pa laputopu yake zonse zinayenda bwino. Nthawi itangodutsa 5 koloko, analowa pa seva n'kulemba izi:

```
git pull
php artisan migrate
```

Lamulo loyamba limabweretsa pulogalamu yatsopano, lachiwiri limasintha databezi. Anatsegula tsamba loyamba, zithunzi za katundu zinaoneka, iye n'kunyamuka kukakwera minibasi.

Panali fayilo imodzi yomwe anaiiwala: ija yolandira uthenga wochokera ku kampani ya ndalama za pafoni wonena kuti kasitomala walipira. Fayiloyo inkalembabe mu mzati wa `phone`, womwe tsopano kunalibe. Pa laputopu sakanaona vutoli chifukwa sanayese kulipira, ndipo tsamba loyamba siligwiritsa ntchito mzatiwo. Choncho sitolo inkaoneka yamoyo, anthu ankalipira, ndalama zinkachoka m'mafoni mwawo, koma oda sinkalembedwa.

Cha m'ma 8 koloko mwini sitolo anaimba foni mokwiya. Mnyamatayo, mtima uli phaphapha, anachita zomwe ambiri amathamangira: anabwezeretsa pulogalamu yakale ndi `git checkout`. Zinthu zinaipiraipira. Git imabweza mafayilo a pulogalamu okha, databezi siikhudza. Pulogalamu yakale yonse inkafuna `phone`, pomwe databezi inali ndi `phone_number`. Poyamba panali fayilo imodzi yosagwirizana ndi databezi, tsopano tsamba lililonse lofufuza kapena kulemba nambala ya foni linayamba kuonetsa nambala 500, yomwe imatanthauza kuti pulogalamu yalephera mkati mwa seva.

Apa m'pamene anaimbira mkulu wake wa ntchito. "Pepani bwana, ndakuimbirani usiku. Ndakweza ntchito ija madzulo ndipo sitolo yagwa."

"Musagwirenso kanthu, achimwene," anayankha mkuluyo. "Tsekani kaye sitolo, sungani databezi, kenaka mundiwerengere zomwe seva yalemba."

Masitepe atatuwa ndi awa:

```
php artisan down
mysqldump -u root -p shop > shop.sql
tail -n 50 storage/logs/laravel.log
```

Loyamba limaika chikwangwani chakuti webusaiti ikukonzedwa, ndipo alendo amalandira nambala 503 m'malo mololedwa kuyamba kugula. Kutseka kumapweteka mwini bizinesi, koma kumaletsa chiwerengero cha olipira pachabe kukwera. Lachiwiri limakopera databezi yonse mu fayilo imodzi, kuti kukonzako kukalakwika pakhale pobwerera. Lachitatu limaonetsa mizere 50 yomaliza ya fayilo yomwe pulogalamu imalembamo zolephera zake. M'menemo munali mzere womwe ukanamuuza zonse akanauwerenga poyamba:

```
SQLSTATE[42S22]: Column not found: 1054 Unknown column 'phone' in 'field list'
```

Databezi inkanena mosabisa kuti mzati wa `phone` sikuudziwa. Njira zinali ziwiri: kukonza fayilo yoiwalika ija n'kupitirira ndi pulogalamu yatsopano, kapena kubwerera kwathunthu momwe zinalili m'mawa. Mkuluyo anasankha yachiwiri. Usiku, munthu atatopa, palibe yemwe akanatsimikiza kuti fayilo yoiwalika inali imodzi yokha, pomwe pulogalamu yakale inali itagwira kale ntchito popanda vuto.

Mnyamatayo atalamula kuti maigireshoni ibwezedwe, seva inayankha kuti siikuipeza. Chifukwa chake n'chakuti malangizo obwezera amakhala m'kafayilo komweko ka maigireshoni, ndipo kafayiloko kanachoka pomwe anabwezeretsa pulogalamu yakale. Anayenera kubweretsanso pulogalamu yatsopano, kulemba `php artisan migrate:rollback --step=1` kuti mzati ubwerere ku dzina lake lakale, ndipo pokhapo n'kubwerera ku pulogalamu yakale. Pobweza, munthu amayambira pa chomwe anamalizira. Asanalengeze kuti zatheka, anatsegula sitolo ndi `php artisan up`, anagula kanthu kotchipa ndi foni yake, n'kuona oda italembedwa.

Tiyenera kunena kuti apa anali ndi mwayi. Kusintha dzina la mzati sikutaya zomwe zili mu mzatimo. Akanakhala kuti anafufuta mzati wonse, kubweza maigireshoni kukanangobweretsa mzati wopanda kanthu, ndipo manambala akanapezeka mu bakapu yokha, ngati inasungidwa asanayambe.

Ntchito yotopetsa kwambiri inatsala pambuyo pake. Anthu onse omwe analipira pakati pa 5 koloko ndi nthawi yomwe sitolo inatsekedwa analibe oda. Anatenga mndandanda wa malipiro ku kampani ya ndalama ija n'kumafananiza nambala ya malipiro aliwonse ndi zomwe zinali mu databezi, mmodzimmodzi, mpaka kunja kunayera. Osowawo anawalemba padera kuti mwini sitolo awaimbire m'mawa. Pulogalamu inakonzeka ndi malamulo ochepa, koma ndalama za anthu zinadya usiku wonse.

Lolemba ntchito yomweyo anaigwiranso m'njira yomwe akatswiri amatsata. Anayamba wafufuza dzina lakale m'mafayilo onse ndi `grep -rn "phone" .` m'malo modalira kukumbukira. Kenaka anawonjezera mzati watsopano wakale uli pomwepo, anakopera manambala, n'kuuza pulogalamu kuti izilemba m'mizati yonse iwiri. Mzati wakale unadzachotsedwa patapita masiku, zitaoneka kuti palibenso chouwerenga. Potero, pa sitepe iliyonse pulogalamu yakale ndi yatsopano zonse zimatha kugwira ntchito, ndipo kubwerera m'mbuyo sikugwetsa kanthu. Anayesa kaye pa seva yoyesera mpaka kulipira, ndipo anakweza Lachiwiri m'mawa mkulu wake ali pafupi.

Zoterezi sizigwera oyamba kumene okha. Lachisanu pa 19 Julaye 2024, fayilo yolakwika yomwe kampani ya CrowdStrike inatumiza inazimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, ndipo ndege, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'maiko ambiri.

Mlandu wa usiku ngati uwu suyenera kugwera mnyamata yekhayo. Kampani yomwe imalola wantchito watsopano kusintha databezi ya makasitomala yekha, popanda womuonera ntchito, popanda seva yoyesera komanso popanda bakapu, yadziitanira ngozi yokha. Inu amene muli ndi webusaiti ya bizinesi, funsani okusamalirani kuti amakweza ntchito tsiku liti, amayesera kuti, ndipo zikalakwika amabwerera bwanji. Ngati funso lomalizali alibe nalo yankho, auzeni adikire Lolemba.