Kugwirira batani kapena kudina kamodzi?

Mu Minecraft ya pa kompyuta, wosewera akafuna kumanga mlatho pamwamba pa chiphalaphala cha ku Nether amayenda chambuyo atanyonyomala, uku akuyika buloko imodziimodzi. Kunyonyomalako ndiko kumamupulumutsa, chifukwa munthu wonyonyomala sagwa ngakhale afike m'mphepete mwenimweni mwa buloko. Vuto lake n'lakuti masewerawa amabwera atatcheredwa kuti batani la Shift lizikanikizidwa nthawi yonseyo, ndipo ntchitoyi imagwera kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere, kamene kalibe mphamvu zambiri. Mlatho ukatalika kachalako kamatopa. Kakangoterereka pang'ono, munthu uja wagwera m'moto pamodzi ndi katundu wake yense.

Njira imeneyi pa sikirini imalembedwa kuti Hold: batani limagwira ntchito pokhapokha chala chili pomwepo. Inzake ndi Toggle: mukadina kamodzi mwanyonyomala, ndipo mukhala choncho mpaka mutadinanso. Minecraft ya Java idayamba kulola kusankha pakati pa ziwirizi mu 2019, pa mzere wa Sneak ndi wa Sprint mu Accessibility Settings.

Pa ntchito ya mlatho ija, kudina kamodzi kumaposa kutali. Dzanja limamasuka, maso ndi maganizo zimakhala pa buloko. Pothamanga mtunda wautali n'chimodzimodzinso, palibe chifukwa choti kachala kazipindikira pa Ctrl ulendo wonse.

Koma kudina kamodzi kuli ndi msampha wake, womwe ndi kuiwala. Pogwirira batani, chala chenichenicho chimakuuzani ngati mwanyonyomala. Podina kamodzi, muyenera kukumbukira nokha, ndipo zinthu zikavuta munthu amatha kudina kawiri n'kuimirira osadziwa. Zizindikiro zilipo ndithu. Mukaona kuti mukuyenda pang'onopang'ono ndipo maso atsikira pansi, mudakali chinyonyomalire. Mukadina bokosi muli ndi buloko m'manja, bokosilo osatseguka koma bulokoyo n'kumatirira pamenepo, chifukwa chake n'chomwecho.

M'masewera owomberana nkhani imatembenuka. Kumeneko munthu amanyonyomala kwa kamphindi chabe kuseri kwa khoma, n'kudzuka msanga. Kugwirira kumathandiza, popeza kuchotsa chala n'kwachangu kusiyana ndi kudinanso. Pa Windows kudinadina Shift kasanu motsatizana kumatsegulanso Sticky Keys pakati pa nkhondo, choncho ndi bwino kuzimitsiratu zimenezi.

Ine ndimaona kuti chonyonyomala kapena chothamanga nthawi yaitali chiyenera kudina kamodzi, cha kamphindi chiyenera kugwirira, ndipo mabatani awiriwa sayenera kutcheredwa mofanana. Komabe woweruza ndi dzanja lanu. Mukamaliza kusewera kachala katachita dzanzi kapena mkono ukuwawa, sinthani lero lomwe, ngakhale anzanu onse amagwirira. Mukasintha, pirirani masiku angapo musanagamule, chifukwa poyamba chala chimachitabe zomwe chidazolowera.