Lamulo likuti 30 peresenti, nanga 24 yachokera kuti?

Ku Malawi kampani yolembetsedwa m'dziko muno imadulidwa msonkho wa 30 peresenti pa phindu lake, nthambi ya kampani yakunja 35 peresenti, ndipo phindu likakula kwambiri pamakhala wina wowonjezera. Koma munthu akatenga lipoti la pachaka la kampani, n'kugawa msonkho wolembedwawo ndi phindu, kawirikawiri sapeza 30. Amapeza 24, pena 37. Ena amangoti apa pali chinyengo. Nthawi zambiri sichikhalapo.

Gwero lake n'lakuti phindu limawerengedwa pawiri. Akauntanti amaliwerenga motsatira malamulo a kalembedwe ka mabuku, pomwe bungwe la MRA limaliwerenga motsatira lamulo la msonkho, lomwe limakana ndalama zina zimene kampani yawononga ndiponso silikhudza zina zimene yalandira. N'chifukwa chake lamulo la akauntanti lotchedwa IAS 12 limakakamiza kampani kuika m'lipoti katebulo koyambira pa msonkho wa lamulo n'kukathera pa msonkho umene yalemba, kusonyeza chilichonse chimene chasiyanitsa ziwirizo. Katebuloka kamabisala kumapeto, m'mawu ofotokozera, komwe ogula masheya ambiri safikako.

Tiyerekeze kampani yogaya ufa yomwe yapeza phindu la K2 biliyoni msonkho usanachotsedwe. Pa 30 peresenti, msonkho ukanakhala K600 miliyoni.

Mkati mwa chakacho kampaniyo inalipira zindapusa za K100 miliyoni. M'mabuku ndalamazi zinachepetsa phindu, koma a msonkho salola kuti chilango chipepuze msonkho, choncho pa K600 miliyoni paja pakuwonjezeka K30 miliyoni. Kampaniyo inalandiranso K300 miliyoni monga gawo lake la phindu la kampani ina imene ili nayo masheya. Ndalama imeneyi inadulidwa kale msonkho isanafike, ndiye siyilowanso pa 30 peresenti, ndipo apa pakuchoka K90 miliyoni. Chomaliza, zaka zapitazo kampaniyo inaluza K200 miliyoni. Lamulo limalola kuchotsa zoluzazo pa phindu la m'tsogolo, koma pa nthawiyo akauntanti sanalembe mwayiwu m'mabuku chifukwa panalibe chitsimikizo choti phindu lidzabwerera. Tsopano labwerera, ndipo pakuchokanso K60 miliyoni. Msonkho wolembedwa ukutsala K480 miliyoni, yomwe ndi 24 peresenti ya K2 biliyoni.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale ophunzira za akaunti amapunthwa nacho. Kampani ikagula makina, lamulo la msonkho lingailole kuchotsa mtengo wake mwachangu kuposa mmene mabuku amauchotsera. Chaka chimenecho ndalama zopita ku MRA zimachepadi, koma m'katebulo kaja simuoneka kanthu. Chifukwa chake n'choti msonkhowo sunakhululukidwe, wangochedwa, ndipo akauntanti amaulemberatu monga msonkho wodzalipira m'tsogolo. Zimene zimaoneka m'katebulo ndi zosiyana zomwe sizidzabwezeka, kapena zomwe zinali zisanalembedwe, ngati zoluza zija. Motero K480 miliyoni ija si ndalama imene yatuluka ku banki chaka chimenecho. Ndalama yotulukayo imapezeka pa tsamba lina, losonyeza kayendedwe ka ndalama.

Msonkho wam'tsogolowu umatha kugwedeza lipoti lonse boma likasintha mlingo. Mu Disembala 2017 dziko la Amereka linatsitsa msonkho wa makampani kuchoka pa 35 kufika pa 21 peresenti. Banki ya Citigroup inali italemba m'mabuku mwayi waukulu wodzachepetsa msonkho, wochokera pa zimene inaluza pa mavuto azachuma a 2008. Mlingo utatsika mwayiwo unachepa mtengo, ndipo pamodzi ndi zosintha zina za lamulolo bankiyo inalemba msonkho wa madola pafupifupi 22 biliyoni kamodzi n'kamodzi, mpaka chaka cha 2017 chinatha itaoneka yoluza.

Wowerenga wosamala amafunsa funso limodzi pa mzere uliwonse: kodi ichi chidzabweranso chaka chamawa? Amaonanso ngati mzere wa "zina" wakula kuposa mizere yofotokozedwa, kapena ngati kukonza msonkho wa zaka zam'mbuyo kukubwera chaka ndi chaka mbali imodzimodzi. Zikatero, oyendetsa kampani ayenera kufunsidwa pa msonkhano wa eni masheya, chifukwa n'chizindikiro choti sakuwerenga bwino msonkho wawo kapena akukangana ndi MRA.

Pa kampani yogaya ufa ija, zoluza zakale zatha. Phindu ndi zina zonse zikadzakhala chimodzimodzi chaka chamawa, msonkho udzakwera kufika K540 miliyoni, yomwe ndi 27 peresenti, ndipo phindu la eni masheya lidzatsika ndi K60 miliyoni ngakhale ufa utagulidwa mofanana.