Njira ilipo, koma chiganizo chimodzi sichingathe kunena

Tiyerekeze kuti tili ndi midzi yambiri, ndipo pa midzi iwiri iliyonse tikudziwa chinthu chimodzi chokha: ngati pali njira yolunjika kuchoka pa wina kupita pa unzake, kapena palibe. Munthu wina akuti tilembe chiganizo chonena kuti mudzi uliwonse ungafikike kuchokera ku mudzi wina uliwonse, ngakhale podzera m'midzi ya pakati. M'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku ntchitoyi yatha kale. M'lojiki ya mlingo woyamba, imene masamu ambiri a masiku ano amalembedwamo, chiganizochi sichingalembeke, ndipo chifukwa chake si kuchepa nzeru kwa olemba. Pali thiyoremu imene imatsekeratu khomo, yotchedwa kompakitinesi.

Lojikiyi ili ndi zida zochepa. Ili ndi mayina a zinthu, zizindikiro za ubale wa pakati pa zinthu, mawu olumikiza monga "ndi", "kapena", "si", ndi mawu awiri akuluakulu, ∀ amene akutanthauza "pa chinthu chilichonse" ndi ∃ amene akutanthauza "pali chinthu china". Mawu awiriwa amaloza chinthu chimodzichimodzi basi. Tinganene "pali mudzi wina", koma sitingathe kunena "pali gulu lina la midzi" kapena "pali mndandanda wina wa midzi". Komanso chiganizo chilichonse chiyenera kukhala ndi pothera. Dziko lililonse loyerekeza limene ziganizo zathu zikukwaniritsidwamo timalitcha modelo ya ziganizozo.

Thiyoremu ija imanena izi. Tengani gulu la ziganizo, likhale lalikulu chotani, ngakhale lopanda malire. Ngati kagawo kalikonse kokhala ndi malire kotapidwa m'gululo kali ndi modelo, ndiye kuti gulu lonse lili ndi modelo. Ophunzira ambiri amaterereka pa mfundo imodzi apa: sipakufunika modelo imodzi yokwanira timagawo tonse. Kagawo aka kangakhale ndi modelo yake, kena yakenso, zosafanana n'komwe, ndipo thiyoremu ikulonjezabe modelo imodzi ya zonse pamodzi.

Kurt Gödel anaifalitsa mu 1930 ku Vienna, pamodzi ndi thiyoremu yake ina yonena kuti chilichonse chotsatira mokakamiza kuchokera ku ziganizo za lojikiyi chili ndi umboni wolembeka. Iye anaonetsa za ziyankhulo zimene zizindikiro zake zingandandalikidwe 1, 2, 3 mpaka m'tsogolo, ndipo Anatoly Maltsev wa ku Russia anaikulitsa mu 1936 kuti ifikire ziyankhulo zazikulu kuposa apo. Chifukwa chimene ili yoona n'chachifupi modabwitsa. Ngati gulu lonse lilibe modelo, pali umboni wolembeka wosonyeza kuti ziganizozo zikutsutsana. Umboni uli ndi mzere woyamba ndi mzere womaliza, choncho umagwiritsa ntchito ziganizo zowerengeka. Ziganizo zowerengekazo paokha n'zotsutsana kale, ndiye kagawo kameneko kalibe modelo. Kutsutsana kukakhalapo, kumagwidwa mwa ziganizo zochepa.

Tsopano tibwerere ku midzi ija, tiyende nayo pang'onopang'ono. Tilembe E(x,y) kutanthauza kuti pali njira yolunjika pakati pa x ndi y. Tivomere kaye, mongoyesa, kuti wina wapeza chiganizo φ chimene chili choona m'dziko lililonse limene midzi yonse ndi yolumikizana, ndipo n'chabodza m'dziko lina lililonse. Tionjeze mayina awiri atsopano, a ndi b, ndipo tilembe ziganizo zina. Choyamba chikuti a ndi b ndi midzi yosiyana. Chachiwiri chikuti palibe njira ya sitepe imodzi pakati pawo. Chachitatu chikuti palibe ya masitepe awiri, ndipo zina zikupitirira chomwecho osalekeza:

```
D0:  ¬(a = b)
D1:  ¬E(a,b)
D2:  ¬∃x (E(a,x) ∧ E(x,b))
D3:  ¬∃x∃y (E(a,x) ∧ E(x,y) ∧ E(y,b))
```

Chilichonse mwa izi n'chololedwa, pakuti chili ndi pothera, kungoti chikumka nichitalika. Gulu lathu ndi φ pamodzi ndi ma D onse.

Tapani kagawo kokhala ndi malire. Mwa ma D amene mwatapa mulipo lalikulu koposa, tinene D50. Ndandalikani midzi 52 pa mzere umodzi, uliwonse wolumikizana ndi woyandikana nawo okha, ndipo wa kumapeto uku muutche a, wa kumapeto uko muutche b. Midzi yonse ndi yolumikizana, choncho φ ndi choona. Njira yaifupi koposa yochoka pa a kukafika pa b ili ndi masitepe 51, choncho D0 mpaka D50 zonse n'zoona. Mukadatapa mpaka D9000, tikadangotalikitsa mzerewo. Kagawo kalikonse kali ndi modelo, ndiye kompakitinesi ikutipatsa dziko limodzi limene φ ndi ma D onse akukwaniritsidwa. M'dzikolo φ ikuti a ndi b ndi yolumikizana, kutanthauza kuti pali njira ya masitepe angapo, tinene n. Koma Dn ikukana zimenezo. Apa zatsutsana, ndipo chinthu chokha chimene tinavomera popanda umboni ndi kukhalapo kwa φ. Choncho φ kulibe. Mukabwereza zonsezi muona kuti ngakhale φ akadakhala gulu lopanda malire la ziganizo, mapeto akadakhala omwewo.

Ndimakonda kufunsa kuti dziko la chilendo limene thiyoremuyi imabala limaoneka bwanji, chifukwa anthu ambiri amalilandira osalisuzumira. Chotsani φ yabodza ija, m'malo mwake ikani ziganizo zonse zimene zili zoona m'mizere yonse italiitali. Modelo imene ituluke ili ndi a, ndipo kuchokera pa a midzi ikundondozana osafika pothera. Ili ndi b, nayenso ali ndi mndandanda wake wosatha. Pakati pangakhalenso mizere ina yopanda chiyambi ndi mathero. Woima pa mudzi uliwonse akuona zimene akadaona pa mzere wautali wamba, mnansi uku mnansi uko, koma woyenda kuchoka pa a sadzafika pa b. Njira ina yomangira dziko lotere inachokera ku thiyoremu ya Jerzy Łoś ya mu 1955, imene imasungunula mamodelo a timagawo tonse n'kupanga imodzi, popanda kutchula za umboni wolembeka.

Chimene chagwa apa ndi mawu akuti "masitepe angapo, kaya ndi angati, bola akhale ndi malire". Lojiki ya mlingo woyamba imatha kunena "osapitirira 50", koma "ali ndi malire" osatchula malirewo siingathe. N'chifukwa chake palibenso ziganizo zonena kuti zinthu za m'dziko zili ndi malire: onjezani "pali zinthu zosachepera 2", "zosachepera 3", n'kumapitirira, ndipo msampha womwe uja ugwira. Kupanda malire kokha kumaneneka ndi mndandanda wosathawu, koma osati ndi chiganizo chimodzi, pakuti chikadakhalapo tikadangoika "si" patsogolo pake n'kupeza chiganizo choletsedwa chija.

Nambala zowerengera nazo sizipulumuka. Sonkhanitsani ziganizo zonse zoona zokhudza 0, 1, 2, 3, kuphatikiza ndi kuchulukitsa. Onjezani dzina latsopano c ndi ziganizo zakuti c > 0, c > 1, c > 2, osalekeza. Kagawo kalikonse kakwanira ndi nambala wamba yaikulu bwino. Ndiye pali modelo yomvera choonadi chonse cha nambala, koma yokhala ndi c woposa nambala wamba iliyonse, ndipo c − 1, c − 2 ndi anzawo onse ali kutali komweko. Thoralf Skolem wa ku Norway anaonetsa mamodelo otere mu 1934. Wophunzira wakuthwa afunsa kuti nanga lamulo la indakishoni lili kuti, lija lonena kuti gulu lokhala ndi 0 ndiponso lokhala ndi n + 1 nthawi zonse pamene lili ndi n ndi gulu la nambala zonse? Yankho n'lakuti m'lojikiyi lamulolo limagwira magulu okhawo amene fomula ingawafotokoze, ndipo m'modelo ya chilendoyo palibe fomula yolekanitsa nambala wamba ndi zachilendo. Richard Dedekind anaonetsa mu 1888 kuti lamuloli likanenedwa pa magulu onse, nambala zimatsekeredwa bwinobwino m'maonekedwe amodzi. Koma kunena "magulu onse" ndi lojiki ya mlingo wachiwiri, ndipo kumeneko kompakitinesi kulibe, komanso kulibe dongosolo la maumboni lokwanira choonadi chonse.

Sindigwirizana ndi amene amaona zonsezi ngati chilema chokha. Abraham Robinson anatenga msampha womwewu n'kuutembenuza: dzina ε, loposa 0 koma lochepera 1/2, 1/3, 1/4 ndi ena onse. Anapeza tinambala tochepetsetsa timene Leibniz ankagwiritsa ntchito popanda maziko olimba, ndipo buku lake la nkhaniyi linatuluka mu 1966. Per Lindström wa ku Sweden anaonetsa mu 1969 kuti lojiki iliyonse, mwa zokwaniritsa zofunika zina za wamba, yonena zambiri kuposa ya mlingo woyamba iyenera kutaya chimodzi mwa ziwiri, kompakitinesi kapena thiyoremu ya Löwenheim ndi Skolem yotsimikiza modelo yaing'ono yondandalikika.

Pali cholakwa china chimene chimapezeka ngakhale mwa ophunzira okhwima. Umboni wathu wa midzi unadalira dziko lopanda malire. Wina akati "ine ndikufuna φ yogwira m'maiko a midzi yowerengeka okha", umboniwo sumukhudza, chifukwa tikangololeza mamodelo okhala ndi malire okha kompakitinesi imagwa: ziganizo zija za "zosachepera 2, zosachepera 3" zili ndi modelo yotere pa kagawo kalikonse, koma zonse pamodzi zilibe. Mukaona munthu akunena za zinthu zowerengeka koma akuitana kompakitinesi mwachindunji, funsani kuti modelo imene wapeza ndi yaikulu bwanji. Kulumikizana sikulembekabe ngakhale m'maiko owerengeka, koma kumafuna chida china, masewera a Ehrenfeucht ndi Fraïssé, amene amaonetsa kuti chiganizo chopatsidwa sichingasiyanitse bwalo limodzi lalikulu la midzi ndi mabwalo awiri osakhudzana, bola onse akhale aakulu mokwanira.

Olemba mapulogalamu a nkhokwe za deta anakumana ndi malire amenewa pa ntchito yawo. Phata la SQL ndi lojiki ya mlingo woyamba pa matebulo owerengeka. Pa tebulo la njira zolunjika, funso lakuti ndi midzi iti imene ingafikike pa masitepe atatu limayankhidwa polumikiza makope atatu a tebulolo. Funso lakuti ndi midzi iti imene ingafikike, masitepe kaya achuluke bwanji, silinkalembeka ndi zida za phatalo, ndipo Alfred Aho ndi Jeffrey Ullman analemba za vutoli mu 1979. Muyezo wa SQL wa mu 1999 unaonjeza `WITH RECURSIVE`, lamulo lobwereza sitepe imodzi mpaka pasapezekenso mudzi watsopano.